Paipi ikachepa, madzi amathamanga koma puresha imatsika: kasovedwe ka mafunso ake

Funso lake nthawi zambiri limabwera chonchi: madzi akuyenda m'paipi yaikulu, paipiyo yachepa pamalo ena, ndiye mupeze liwiro la madzi ndi puresha pamalo opapatizawo. Ophunzira ambiri amalipeza bwino liwiro, koma akafika pa puresha amasokonezeka, chifukwa mumtima mwawo amakhulupirira kuti madzi akapanikizika pamalo aang'ono puresha iyenera kukwera. Madzi oyenda satero. Pamalo opapatiza puresha imakhala yotsika kuposa pamalo otakasuka, ndipo masamu onse a mafunso amenewa ndi ongofuna kudziwa kuti yatsika ndi zingati.

Tigwiritsa ntchito paipi imodzi kuyambira pano mpaka kumapeto. Paipiyo ndi yogona, m'kati mwake ndi mamilimita 50 m'mimba mwake, kenako yachepa pang'onopang'ono kufika pa mamilimita 25. Mukudutsa malita 180 a madzi pa mphindi iliyonse, ndipo geji yomwe yaikidwa pa chigawo chachikulucho ikuwerenga 200 kPa. Chigawo chachikulu tichitcha malo 1, chopapatiza malo 2.

Konzani miyezo musanagwire fomula iliyonse

Mamakisi ambiri amatayikira pano, masamu enieni asanayambe n'komwe. Mafomula omwe tigwiritse ntchito amafuna mamita, masekondi, makilogalamu ndi mapasiko, muyezo wa puresha womwe umalembedwa Pa, ndiye chilichonse chomwe funso lapereka m'miyezo ina chisinthidwe kaye. Mamilimita 50 ndi 0.05 m, ndipo mamilimita 25 ndi 0.025 m. Malita 180 pa mphindi tikagawa ndi 60 ndi malita 3 pa sekondi, ndipo poti kiyubiki mita imodzi imalowa malita 1,000, malita 3 pa sekondi ndi 0.003 m³/s. Puresha ya 200 kPa ndi 200,000 Pa. Kulemera kwa madzi, komwe pa fomula kumalembedwa ρ, ndi makilogalamu 1,000 pa kiyubiki mita, pokhapokha funso litanena kuti ndi mafuta kapena madzi a m'nyanja yamchere.

Mukatero jambulani paipiyo, ngakhale mwachisawawa, ndipo mulembe pansi pa malo 1 ndi malo 2 zomwe mukudziwa ndi zomwe simukudziwa. Onaninso bwino ngati funso lapereka dayamita kapena rediyasi. Kusokoneza ziwirizi kumachulukitsa kapena kuchepetsa eriya kanayi.

Madzi olowa ndi omwewo otuluka

Madzi safinyika, ndipo paipi yathu ilibe pobooka kapena nthambi. Ngati pa malo 1 pakudutsa malita 3 pa sekondi, pa malo 2 payeneranso kudutsa malita 3 pa sekondi yomweyo, chifukwa palibe komwe ena angabisale. Kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi, Q, ndi eriya ya khomo la paipi kuchulukitsa ndi liwiro, ndipo popeza Q ndi imodzi m'malo onse awiri timalemba kuti:

```
Q = A1 × v1 = A2 × v2
A = π × d² / 4
```

Pa malo 1, eriya ndi π × 0.05² / 4, zomwe zikupereka 0.001963 m². Pa malo 2 ndi 0.000491 m². Tikagawa 0.003 ndi eriya iliyonse, tikupeza kuti v1 ndi 1.53 m/s ndipo v2 ndi 6.11 m/s.

Taonani kuti dayamita yachepa ndi theka, koma liwiro lachuluka kanayi, osati kawiri. Chifukwa chake n'chakuti madzi amadutsa mu eriya, ndipo eriya imayendera sikweya ya dayamita. Kuchokera apa pali njira yachidule yomwe imakupulumutsani ku π ndi timanambala tating'onoting'ono:

```
v2 = v1 × (d1 / d2)²
```

Pa fomula iyi yokha mukhoza kusiya madayamita ali m'mamilimita, chifukwa miyezo imafafanizana: 50 kugawa ndi 25 ndi 2, sikweya yake ndi 4. Yemwe waiwala sikweya amapeza v2 ya 3.06 m/s, ndipo tiona posachedwa kuti cholakwika chimenechi chimakula chikafika pa puresha.

N'chifukwa chiyani puresha imatsika

Musathamangire fomula, yambani mwaganizira kagawo kakang'ono ka madzi komwe kakuyandikira popapatiza. Kakuyenda pa 1.53 m/s, ndipo kanthawi kochepa chabe kakhala kali pa 6.11 m/s. Chinthu sichiwonjezera liwiro popanda chochikankha. M'paipi yogona mulibe chitsetse choti madzi atsetsereke, mulibenso pampu pakati pa malo 1 ndi malo 2. Chokankha chomwe chatsala ndi kusiyana kwa puresha: kumbuyo kwa kagawoko kuyenera kukhala puresha yochuluka kuposa kutsogolo kwake. Kukanakhala kuti popapatiza pali puresha yochuluka, madziwo akanabwezedwa m'mbuyo n'kumachepa liwiro, zomwe zikutsutsana ndi zomwe tangopeza kumene.

Ndiye si kuti liwiro ndi lomwe limachotsa puresha mwamatsenga. Kutsika kwa puresha ndi komwe kumawathamangitsa madziwo. Mphamvu yomwe inali mu puresha yasanduka mphamvu ya liwiro, ndipo kuwerengera kwake ndi fomula yodziwika ndi dzina la Daniel Bernoulli, katswiri wa masamu wa ku Switzerland yemwe anasindikiza buku lake la Hydrodynamica mu 1738:

```
P1 + ½ρv1² + ρgh1 = P2 + ½ρv2² + ρgh2
```

Mbali iliyonse ili ndi zigawo zitatu, cha puresha, cha liwiro ndi cha kutalika kwa malo, ndipo zonse zili m'mapasiko; g ndi kukoka kwa dziko lapansi, 9.81 m/s². Chizolowezi chabwino ndi kulemba fomula yonse kaye, kenako n'kufafaniza zomwe sizikufunika. Paipi yathu ndi yogona, h1 ndi h2 n'zofanana, choncho zigawo za kutalika zikufafanizana ndipo kwatsala:

```
P1 − P2 = ½ρ(v2² − v1²)
        = 500 × (37.35 − 2.33)
        = 17,510 Pa
```

Puresha yatsika ndi 17.5 kPa, ndipo geji ya pa malo 2 iwerenga 182.5 kPa. Ngati funso likufuna yankho m'mamita a madzi, gawani 17,510 ndi ρg, yomwe ndi 9,810, mupeza mamita 1.78. Tanthauzo lake n'lakuti mutaimika timachubu tiwiri toonekera m'kati, kena pa malo 1 kena pa malo 2, madzi a m'kachubu ka popapatiza angaime mamita 1.78 pansi pa anzake.

Pali zolakwika ziwiri zomwe zimabisala pa mzere umenewu. Choyamba ndi kulemba (v2 − v1)² m'malo mwa v2² − v1². Zimaoneka ngati n'chimodzimodzi koma ayi: yoyambayo ikupereka 21.0 pomwe yolondola ndi 35.0. Chachiwiri ndi cha mnzathu uja anaiwala sikweya ya dayamita. Ndi v2 yake ya 3.06 m/s apeza kutsika kwa 3.5 kPa chabe, kuchepa kasanu poyerekeza ndi yankho lenileni. Zikutero chifukwa dayamita imalowa mu liwiro ili pa sikweya, ndipo liwirolo limalowa mu puresha lilinso pa sikweya, ndiye pamapeto pake d1 / d2 imakhala pa mphamvu ya 4. Mu paipi yathu 2⁴ ndi 16, ndipo kutsika kwa puresha ndi ½ρv1² × (16 − 1). Iyi ndi njira yabwino yotsimikizira yankho lanu: 500 × 2.334 × 15 ikubwezanso 17.5 kPa.

Langizo lina laling'ono: musafupikitse manambala msanga. Mukatenga v1 ngati 1.5 n'kuchulukitsa kanayi kupeza 6.0, yankho likhala 16.9 kPa. Kusiyana kwa 0.03 m/s kwabala kusiyana kwa 600 Pa. Sungani manambala onse mu kakyuleta, mufupikitse kumapeto.

Paipi ikamakwera kapena kutsika

Tiyerekeze kuti malo 2 ali mamita 2 pamwamba pa malo 1. Liwiro silisintha ngakhale pang'ono, v2 ikadali 6.11 m/s, chifukwa lamulo la madzi olowa ndi otuluka silisamala za chitunda. Chomwe chasintha ndi puresha. Madzi tsopano akufunika kukankhidwa kuti athamange komanso kuti akwere, ndipo zonse ziwiri zikulipiridwa ndi puresha. Kukwera mamita 2 kukudya 1,000 × 9.81 × 2, yomwe ndi 19.6 kPa. Ndiye P2 ndi 200 − 17.5 − 19.6, zomwe ndi 162.9 kPa.

Malo 2 akanakhala mamita 2 pansi, tikanaphatikiza m'malo mochotsera, ndipo P2 ikanakhala 202.1 kPa, kuposa P1. Choncho mawu akuti puresha imatsika popapatiza ndi oona mosakayika pa paipi yogona kapena yokwera. Pa yotsetsereka muyenera kuwerengera. Kuti zizindikiro zisakusokonezeni, tengani malo otsika pa awiriwo ngati h = 0, ndipo muyeze kutalika kuchokera pakati pa paipi kufika pakati pa paipi inayo, molunjika m'mwamba, osati motsatira utali wa paipi.

Funso lotembenuzidwa: mwapatsidwa puresha, pezani madzi odutsa

Apa ndi pomwe mafunso amalimbirapo, ndipo ndi pomwenso nkhaniyi imagwira ntchito kwenikweni. Chipangizo choyezera madzi chotchedwa venchuri ndi paipi yochepa pakati n'kukulanso, yokhala ndi pobowola pawiri poyezera puresha. Dzinali linachokera kwa Giovanni Battista Venturi wa ku Italy, yemwe analemba za kayendedwe ka madzi m'mapaipi opapatiza mu 1797, ndipo yemwe anachisandutsa chipangizo choyezera madzi ndi injiniya wa ku America, Clemens Herschel, m'zaka za m'ma 1880.

Vuto la funso lotere n'lakuti simukudziwa v1, simukudziwanso v2. Fomula ya Bernoulli payokha singathe, chifukwa ili ndi zosadziwika ziwiri. Njira yake ndi kuchotsa chimodzi pogwiritsa ntchito lamulo loyamba lija: pa paipi yathu, paliponse pomwe pali v2 lembani 4 × v1. Mukatero mwatsala ndi chosadziwika chimodzi.

Tinene kuti paipi yathu yomweyo yalumikizidwa ku chubu chopindika ngati chilembo cha U chomwe muli mekyule, chitsulo chamadzimadzi cholemera kwambiri, ndipo mekyuleyo wasiyana mamilimita 100 m'mikono iwiri ya chubucho. Poyamba sandutsani kusiyanako kukhala mapasiko. Samalani apa: pamwamba pa mekyule m'mikono yonse iwiri muli madzi, ndipo madziwo nawo akulemera. Choncho simugwiritsa ntchito kulemera kwa mekyule kokha, komwe ndi 13,600, koma 13,600 kuchotsera 1,000.

```
ΔP = (13,600 − 1,000) × 9.81 × 0.1 = 12,361 Pa
12,361 = 500 × v1² × (16 − 1)
v1 = 1.284 m/s
Q  = 1.284 × 0.001963 = 0.00252 m³/s
```

Madzi odutsa ndi malita 2.52 pa sekondi. Yemwe waiwala kuchotsera 1,000 apeza 13,342 Pa, ndipo Q yake ikhala yokwera ndi pafupifupi 4 pa 100 alionse. Cholakwika chaching'ono chomwe sichioneka ndi maso koma wochonga amachidziwa bwino. Kumbukiraninso kuti mekyule amakwera ku mkono wa popapatiza, komwe puresha ili yochepa. Mukajambula mosemphanitsa ndiye kuti simunamvetse chomwe chikuchitika.

Venchuri yeniyeni imadutsa madzi ochepera pang'ono kuposa omwe fomula yanena, chifukwa mphamvu ina imatayika madzi akamakhuzana ndi makoma. N'chifukwa chake mafunso ena amapereka nambala yotchedwa Cd, yomwe pa venchuri yopangidwa bwino imakhala cha m'ma 0.98. Ichulukitseni ndi Q kumapeto kwenikweni: 0.98 × 2.52 ndi malita 2.47 pa sekondi. Pa mbale yachitsulo yongobowoledwa pakati n'kuitsekera m'paipi, Cd imatsika kufika cha m'ma 0.6, chifukwa madzi akadutsa pabowo la m'mphepete mwakuthwa amapitiriza kudzipanikiza okha n'kukhala kamtsinje kakang'ono kuposa bowolo.

Nanga chala chachikulu pa paipi yothirira?

Aliyense amene anathirirapo dimba ndi paipi yarabala amatsutsa apa. Ukatseka theka la kukamwa kwa paipi ndi chala, madzi amafika patali ndipo chalacho chimamva kukankhidwa kwambiri. Ndiye mukuti puresha yatsika bwanji?

Yankho lake likuonetsa malire a lamulo lathu loyamba, ndipo ndi bwino kulimvetsa. Lamulo lakuti A1 × v1 = A2 × v2 limayerekeza malo awiri a paipi imodzi pa nthawi imodzi. Siliyerekeza paipi musanaitseke ndi paipi mutaitseka. Chala chikalowa, madzi otuluka pa sekondi amachepa. Yesani ndi ndowa ndi wotchi, muona kuti ndowa ikuchedwa kudzaza. Madzi akachepa, amayenda pang'onopang'ono m'paipi yonse kuyambira kumpope, ndiye mphamvu yomwe imatayika pokhuzana ndi makoma imachepa, ndipo puresha yambiri ya kumpope imafika mpaka kuseri kwa chala. Imeneyo ndi yomwe chala chikumva, ndipo ndi puresha ya pa malo 1, kumbuyo kwa popapatiza. Pampata weniweni pomwe madzi akutulukira, puresha yatsika mpaka kufanana ndi ya mpweya wakunja, yomwe pa geji ndi 0. Kutsika kwakukulu kumeneko ndi komwe kukuwaponya madzi patali.

Mphamvu yomwe mumamva mukatchinga madzi othamangawo ndi dzanja ndi nkhani inanso. Pamenepo mwawaimitsa, ndipo ½ρv² yabwerera kukhala puresha pachikhatho chanu. Geji ya pakhoma la paipi siimitsa madzi, imangomva kukankha kwa m'mbali, ndipo P ya mu fomula ndi imeneyo.

Pa mayeso mutengepo ziwiri. Funso likanena kuti paipi ikuthira madzi panja, P2 ndi 0 pa geji, ngakhale funsolo lisanene. Ndipo funso likasintha kukula kwa popapatiza, onani ngati lanena kuti Q ikhalabe yomweyo. Ngati silinanene, chomwe chimakhala chosasintha kawirikawiri ndi puresha ya kugwero, osati Q.

Yankho likatuluka ndi chizindikiro chochotsera

Tiyeni tichepetse malo 2 kufika mamilimita 13, madzi akhalebe malita 3 pa sekondi ndipo P1 ikhalebe 200 kPa. Liwiro popapatiza lifika 22.6 m/s, puresha itsika ndi 254 kPa, ndipo P2 ikhala −54 kPa. Musafufute, yankholi ndi lotheka. Geji imawerenga kuyambira pa puresha ya mpweya wotizinga, yomwe ndi 101.3 kPa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ndiye −54 kPa pa geji ndi 47 kPa yeniyeni, yoyambira pomwe palibiretu kanthu. Mukabowola pamenepo madzi satuluka, m'malo mwake paipi imayamwa mpweya. Umu ndi momwe kachipangizo kothirira fetereza wosungunula m'mapaipi a mthirira kamagwirira ntchito: kachubu kochokera popapatiza kamaviikidwa mu ndowa ya fetereza, ndipo mpweya wakunja umakankhira feterezayo m'paipi.

Tsopano chepetsani ndi milimita imodzi yokha, kufika pa 12. Liwiro ndi 26.5 m/s, kutsika kwa puresha ndi 351 kPa, ndipo P2 pa geji ndi −151 kPa. Mukaphatikiza 101.3 mupeza pafupifupi −50 kPa yeniyeni. Ili ndiye yankho losatheka, chifukwa madzi a m'paipi sangatsike kupyola pomwe palibiretu puresha. Asanafike n'komwe pamenepo amayamba kuwira ali ozizira. Pa madigiri 20 madzi amasanduka nthunzi puresha yeniyeni ikatsika kufika 2.3 kPa, ndipo pa madigiri 30 ikafika 4.2 kPa. Timathovu ta nthunzi timabadwa popapatiza, timatengedwa ndi madzi kufika pomwe puresha yakweranso, n'kuphwanyika mwadzidzidzi. Paipi imalira ngati mukudutsa timiyala, imanjenjemera, ndipo pakapita nthawi chitsulo chimakumbika timaenje ngati chadyedwa ndi chiswe. Mainjiniya amati kavitesheni.

Zikafika apa yankho lolondola ndi kunena kuti malita 3 pa sekondi sangadutse pa khomo limenelo ndi puresha yomwe yaperekedwa. Kuti mupeze malire ake, ikani P2 yeniyeni pa 2.3 kPa ndi P1 yeniyeni pa 301.3 kPa. Kusiyana ndi 299 kPa, komwe kukupereka liwiro la pafupifupi 24.5 m/s popapatiza ndi malita 2.77 pa sekondi. Ngakhale mutsegule bwanji kutsogolo, madzi sapitirira apo. Kumalo okwera malirewo amafika msanga: ku Lilongwe, komwe kuli mamita opitirira pang'ono 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya umapanikiza pafupifupi 89 kPa, ndipo paipi yomweyo ingadutse malita cha m'ma 2.7.

Pa mafunso wamba mukhoza kugwiritsa ntchito puresha ya pa geji kapena yeniyeni, bola mbali zonse ziwiri za fomula zikhale za mtundu umodzi. Koma pofufuza ngati madzi awira, gwiritsani ntchito yeniyeni basi.

Pomwe fomula ya Bernoulli imanama

Fomulayi imayesa ngati palibe mphamvu yotayika. Pa chigawo chachifupi chomwe chikuchepa pang'onopang'ono, zimenezi zili pafupi kwambiri ndi zoona. Madzi omwe akuwonjezera liwiro amamatirira bwino kumakoma. Paipi ikachepa mwadzidzidzi, ngati pomwe pamangidwa cholumikizira chokhala ndi phewa lakuthwa, zinthu zimasintha. Mphamvu yotayika imawerengedwa ngati K × ½ρv2², ndipo pa kuchepa kwa 50 kufika 25, K imakhala pafupifupi 0.375. Izi zikupereka 7 kPa ina yowonjezera, ndiye geji ya pa malo 2 iwerenga cha m'ma 175.5 kPa m'malo mwa 182.5.

Kukulanso kwa paipi ndiye kovuta kwambiri. Papepala, paipi ikabwerera pa mamilimita 50 liwiro limabwerera pa 1.53 m/s ndipo 17.5 kPa yonse imabwerera. Gawo la liwirolo ndi loona nthawi zonse, koma la puresha ayi. Madzi omwe akuchepa liwiro akuyenda molimbana ndi puresha yomwe ikukwera, ndipo makoma akatseguka mwadzidzidzi madziwo amalekana nawo n'kumazungulira m'makona ngati pa dziwe la pansi pa mathithi. Mphamvu yotayika pamenepo ndi ½ρ(v2 − v1)², yomwe kwa ife ndi 500 × 21.0, kapena 10.5 kPa. Pa 17.5 kPa ija pabwerera 7 kPa yokha. Apa pokha ndi pomwe (v2 − v1)² ili yolondola, ndipo mwina n'chifukwa chake ena amaisokoneza ndi ija ya poyamba. Ndi chifukwa chakenso venchuri imakhala ndi polowera pafupi, pa ngodya ya madigiri pafupifupi 21, koma potulukira patali potseguka pang'onopang'ono, pa madigiri 7 mpaka 15.

Utali wa chigawo chopapatiza nawo ndi wofunika. Mphamvu yotayika pokhuzana ndi makoma ndi f × (L / d) × ½ρv², pomwe L ndi utali wa paipi ndipo f ndi nambala ya kukhuzanako; pa paipi yosalala yapulasitiki f ili pafupifupi 0.02. Pa mamita 10 a paipi ya mamilimita 50, madzi athu ataya 4.7 kPa. Pa mamita 10 a paipi ya mamilimita 25 ataya pafupifupi 149 kPa, kuchuluka ka 32, ndipo mphamvu imeneyi siibwereranso. Poyerekeza ndi 149, ija 17.5 ya Bernoulli ndi yaing'ono. Ndiye amene amachepetsa paipi yonse ya kumunda poganiza kuti madzi afika ndi mphamvu amapeza zosemphana: pampu singathenso kukankha malita 3 pa sekondi, ndipo kumapeto kwa mzere madzi amangodontha. Pochepetsa ndi kumapeto kwenikweni, pa nozo, kakamwa kotulukira madzi, paipi yonse ikhale yaikulu. Funso likangotchula utali wa paipi kapena nambala f, dziwani kuti likufuna muwonjezere mphamvu yotayika kumbali ya malo 2.

Kwa amene mukuyeza paipi yeniyeni osati ya papepala, nambala yolembedwa pa paipi ya PVC kawirikawiri ndi ya kunja kwake. Paipi yolembedwa 50 yokhala ndi khoma la mamilimita 2 ili ndi mamilimita 46 m'kati, eriya yake ndi yochepa ndi 15 pa 100 alionse, ndipo liwiro ndi lokwera kuposa lomwe mwawerengera. Yezani m'kati.

Mpweya, nthambi ndi pampu

Zonsezi zimagwiranso ntchito pa mafuta, bola musinthe ρ. Pa mpweya zimagwira ngati liwiro lili pansi pa 100 m/s, pomwe kufinyika kwake kumakhala kochepa; kupitirira apo lamulo loyamba limakhala ρ1 × A1 × v1 = ρ2 × A2 × v2, ndipo fomula ya Bernoulli yomwe talemba pano siyikwanira. Paipi ikagawika pawiri, Q yolowa ndi Q ziwiri zotuluka kuziphatikiza, ndipo Bernoulli mumailemba padera pa nthambi iliyonse kuchokera pa malo 1, osaphatikiza mapuresha a nthambizo. Pakakhala pampu pakati pa malo 1 ndi malo 2, A1 × v1 = A2 × v2 ikadali yoona, chifukwa pampu siipanga madzi, koma pa fomula ya puresha muyenera kuwonjezera mphamvu ya pampuyo kumbali ya malo 1, kapena musankhe malo anu awiri onse akhale mbali imodzi ya pampu.